Kufufutitsa pasipoti ndi nambala yanu pa tsamba la intaneti la kunja: dziwani kaye lamulo limene likugwira kampaniyo

Mayi athu ku Lizulu anayamba kulandira mafoni a anthu olankhula Chingerezi pakati pa usiku. Foni ikalira ankadzuka mtima uli m'mwamba poganiza kuti kwagwa zovuta ku Dublin, kumene mlongo wanga aNambewe amagwira ntchito yosamalira okalamba. Akayankha, munthu wa mbali inayo ankatchula dzina lonse la mwana wawo, n'kunena kuti ali ndi ntchito yabwino, angotumiza kaye ndalama zolembetsera. Titafufuza tinapeza gwero lake. Mu 2023, asananyamuke, aNambewe analembetsa pa tsamba lina la ku Britain lopezera anthu ntchito. Anaikapo chithunzi, pasipoti, setifiketi ya MSCE, kalata ya kupolisi ndi nambala ya foni, ndipo simu ya nambalayo anawasiyira mayi popita. Ntchito anaipeza kudzera kwina, koma mbiri yawo inatsala pa tsambalo, poyera.

Zinatitengera pafupifupi mwezi kuti zichotsedwe. Ndilemba njira imene tinadutsa mwatsatanetsatane, chifukwa kuno ku Ntcheu pafupifupi banja lililonse lili ndi wina ku Joni, ku Britain kapena ku Ireland, ndipo ambiri mwa iwo anasiya mapepala awo m'masamba otere.

Yambani ndi kudziwa mwini tsambalo ndi kumene amakhala

Anthu ambiri amathamangira kulemba kalata yaukali. Dikirani. Tsikirani pansi penipeni pa tsambalo, pamene pali timalemba ting'onoting'ono, mupeze pamene palembedwa Privacy Policy kapena Privacy Notice. Mukatsegula, funani mawu akuti data controller. Ameneyo ndiye kampani imene lamulo limaiona kuti ndi yosunga zinthu zanu, ndipo nthawi zambiri dzina lake limasiyana ndi dzina lokongola la tsambalo. Lembani m'kope dzinalo, dziko limene inalembetsedwa, ndi imelo yolandirira nkhani zotere. Ngati pali munthu wotchedwa Data Protection Officer, imelo yake ndiyo yabwino koposa, pakuti ntchito yake ndi yomweyi.

Mphindi khumi zimenezi ndi zimene zimagamula zonse zotsatira.

Lamulo silifunsa pasipoti yanu

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ine ndi mlongo wanga tinasokonekera. Iye ankati, "Achimwene, malamulo amenewo ndi a azungu, ine Mmalawi andimvera ndani?" Ine ndinkaganiza kuti popeza akukhala ku Ireland, ndiye kuti zonse zipita ku ofesi ya ku Ireland. Tonse awiri tinalakwa.

Lamulo la mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya loteteza zinthu zokhudza inu zimene makampani amasunga, lotchedwa GDPR, linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018. Ndime 3 ya lamuloli ndi imene imanena amene likuwakhudza, ndipo mulibe mawu onena za unzika. Muli makomo awiri. Khomo loyamba limayang'ana kampani: ngati kampaniyo ili ndi malo ake ogwirira ntchito m'dziko la mgwirizanowu, ndipo zinthu zanu ikuzigwiritsa ntchito kudzera pamenepo, lamulo likuigwira, kaya inu muli ku Paris kaya muli pa Tsangano. Khomo lachiwiri limayang'ana inu: ngati muli m'dziko la mgwirizanowu, ndipo kampani ya kunja, tinene ya ku America, ikugulitsa malonda kapena kupereka ntchito zake kwa anthu a kumeneko, kapena ikulondola zochita zawo pa intaneti, lamulo likuigwiranso. Mawu ake ndi akuti anthu amene "ali" m'mayikowo. Wophunzira, wantchito, ngakhale mlendo, onse akulowamo.

Britain inatuluka mu mgwirizanowu, koma inasunga lamulo lomwelo pansi pa dzina la UK GDPR kuyambira mu 2021, limodzi ndi lamulo lake la Data Protection Act 2018. Manambala a ndime zimene nditchule pano ndi omwewo mbali zonse ziwiri. Chosiyana ndi ofesi yokadandaulako: ku Britain ndi ICO, ku Ireland ndi Data Protection Commission.

Tsono tengani nkhani ya aNambewe. Kampaniyo inalembetsedwa ku Britain, ofesi yake ili komweko. Khomo loyamba latseguka basi. UK GDPR inkawateteza kuyambira tsiku limene anatumiza pasipoti ija ali pa khonde ku Lizulu, asanakwerepo ndege. Kusamukira ku Dublin sikunawonjezere kanthu pa ufulu wawo kwa kampani imeneyi, komanso sikunachotse kanthu. Akadzabwerera kumudzi, ufuluwo udzakhalapobe. Izi zikutanthauza kuti mnyamata wa ku Kampepuza amene analembetsa pa tsamba lomwelo n'kukanidwa viza ali ndi mphamvu yofanana ndi ya mlongo wanga.

Masamba a mchezo ndi osiyana, ndipo apa kumene mukukhala kumasintha zinthu. Munthu wokhala ku Ireland, Facebook yake imayendetsedwa ndi Meta Platforms Ireland Limited, ndipo GDPR imamuteteza. Munthu wokhala ku Malawi kapena ku Joni, yake ili m'manja mwa Meta Platforms, Inc. ya ku America, ndipo GDPR siimufikira. Ufulu wolowera pa khomo lachiwiri uli ngati ambulera ya nyumba imene mukuchita lendi: mukasamuka imatsala. Choncho ngati muli ku Ulaya ndipo mukukonza zobwerera kwanu, zimene mukufuna kufufutitsa kwa makampani a ku America zifufutitseni musanakwere ndege.

Kwa abale athu a ku Joni lamulo ndi POPIA, la mu 2013, limene linayamba kuluma mokwanira pa 1 Julayi 2021. Nalonso silifunsa unzika. Limagwira makampani okhazikika ku South Africa, kapena ogwiritsa ntchito zipangizo za m'dzikomo posunga ndi kukonza zinthu za anthu. Gawo 24 limalola kupempha kuti achotse zinthu zolakwika, zachikale, zopyola muyeso, zopezedwa mosatsata lamulo, kapena zimene kampani ilibenso chilolezo chozisunga. Pali fomu yake yotchedwa Form 2, ndipo odandaulira ndi Information Regulator. Kuno kwathu tili ndi Data Protection Act ya mu 2024, imene ilinso ndi ufulu wofufutitsa, ndipo oyang'anira ndi MACRA. Imeneyi ndiyo mungaigwiritse ntchito pa kampani ya konkuno, ngakhale inu muli kunja. Pa kampani imene ilibe ofesi m'Malawi muno, maganizo anga ndi akuti mugwire lamulo la kwawo ngati likukulolani, chifukwa ofesi imene ingailipiritse chindapusa mosavuta ndi ya kwawo komweko.

Musafufute musanatole umboni

Mtima umafuna kungodina batani lofufutira akaunti. Musatero msanga. Akaunti ikatsekedwa simuthanso kulowamo kuti muone zimene zinalimo, ndipo kampani ikadzakana mudzasowa chosonyeza.

Jambulani sikirini tsamba lililonse limene pali dzina, chithunzi kapena nambala yanu, adiresi ya tsambalo izioneka pamwamba. Sungani maimelo onse amene anakutumizirani. Kenako gwiritsani ntchito ndime 15 ya GDPR, imene imakupatsani ufulu wofunsa zimene akusunga zokhudza inu, chifukwa chake, ndi amene anawapatsako. Funso lomalizali ndilo lofunika zedi pa makampani opezera anthu ntchito, pakuti malonda awo ndi kugawa mbiri yanu kwa olemba ntchito. Ife tinaika funso limeneli ndi pempho lofufutitsa m'kalata imodzi, koma tinanena momveka kuti ayambe atiuza amene anawapatsa, kenako afufute. Mukasiya dongosolo limeneli, akhoza kufufuta n'kukuuzani kuti alibenso chokuonetsani.

Kalata yake

Lamulo silifuna loya, silifuna fomu yapadera, ndipo ndime 12 imati ntchitoyi ndi yaulere. Tumizani kuchokera pa imelo imene munalembetsera akaunti, chifukwa imeneyo payokha ndi umboni wakuti ndinu mwini wake. Popeza kalatayo ikawerengedwa ku Britain, iyenera kukhala m'Chingerezi. Yathu inali iyi:

```
Subject: Erasure request under Article 17 UK GDPR

Please first tell me every recipient of my personal data (Article 15).
Then erase all of it, including my passport copy, photo and phone number.
The data is no longer needed, and I withdraw my consent.
Please inform all recipients (Article 19) and confirm in writing
within one month (Article 12).
```

Pansi pake aNambewe anaika dzina lawo lonse ndi dzina la akaunti. Ngati kampani ili ku Ireland, Germany kapena dziko lina la mgwirizano uja, chotsani UK pa mutuwo.

Mzere wachitatu ndiwo msana wa kalatayi. Ndime 17 siinena kuti aliyense akafuna afufutiridwe chilichonse. Imatchula zifukwa zake, ndipo muyenera kuimapo pa chimodzi. Zimene zimagwira kawirikawiri ndi izi: ntchito imene anatengera zinthu zanu inatha, munavomera nokha ndipo tsopano mwabweza chilolezocho, mukukana kuti azigwiritse ntchito pokutsatsani malonda, kapena anazitenga mosatsata lamulo. Munthu amene analembetsa kuti apeze ntchito, n'kuipeza kwina, ali pa chifukwa choyamba mosakayikitsa. Mzere wa ndime 19 umawakumbutsa kuti ali ndi udindo wodziwitsa onse amene anawapatsa zinthu zanu kuti mwapempha kufufuta, pokhapokha ngati kutero n'kosatheka kapena n'kolemetsa mopyola muyeso.

Musalembemo mbiri yonse ya mavuto anu. Mlongo wanga anafuna kufotokoza za mayi ndi kuthamanga kwa magazi kwawo. Ndinamuuza kuti, "Achemwali, tikuwapempha achotse za banja lathu, ndiye tiwapatsenso zina?"

Werengani masiku

Tinatumiza pa 4 Malichi 2025, tsiku lotsatira holide ya pa 3 Malichi. Lamulo limapatsa kampani mwezi umodzi kuchokera tsiku limene yalandira, choncho malire anali pa 4 Epulo. Ikhoza kuwonjezera miyezi ina iwiri ngati pempho ndi lovuta, kufika pa 4 Juni, koma iyenera kukuuzani zimenezo mkati mwa mwezi woyamba ndi kupereka chifukwa. Kampani imene yakhala chete mpaka mwezi kutha, n'kudzanena pambuyo pake kuti ikufuna nthawi ina, yaphwanya kale lamulo. Lembani tsikulo pa kalendala.

Yankho loyamba kawirikawiri si lenileni

Patatha masiku atatu anayankha ndi mzere umodzi: akaunti yanu ili deactivated. Mawu amenewa muwadziwe bwino. Amatanthauza kuti atseka chitseko, katundu yense ali momwemo. Mawu amene mukufuna ndi deleted kapena erased. Njira yoyesera ndi yosavuta. Pitani polowera, dinani Forgot password, lembani imelo yanu. Ngati uthenga wosinthira pasiwedi wafikadi mu imelo yanu, akaunti ikadalipo. Ife uthengawo unabwera pasanathe mphindi imodzi.

Tinalembanso kuti tinapempha kufufuta, osati kutseka, ndipo tinawakumbutsa za pa 4 Epulo. Apa anabwera ndi china: titumize chithunzi cha pasipoti kuti atsimikize kuti ndi mwini wake. Lamulo limawalola kufunsa umboni ngati ali ndi chifukwa chomveka chokayikira, ndipo ku Britain nthawi ija imayamba kuwerengedwa akalandira umboniwo, choncho musachedwe kuyankha. Koma umboniwo uyenera kulingana ndi nkhani yake. Munthu amene akulemba kuchokera pa imelo ya akaunti, ndipo akutha kulowa mu akauntiyo, safunika kutumizanso pasipoti. Tinawayankha tsiku lomwelo kuti atumize nambala yachinsinsi ku imeloyo, kapena afunse tsiku limene akaunti inatsegulidwa. Anavomera. Ngati mwakakamizikadi kutumiza chiphaso, phimbani nambala yake ndi mizere iwiri ya pansi ija, musiye dzina ndi nkhope.

Pa 28 Malichi inabwera kalata yeniyeni. Anati afufuta mbiri, chithunzi ndi mapepala onse, anatchula nyumba ziwiri zosamalira okalamba zimene zinalandira mbiriyo, ndipo anati azidziwitsa. Ananenanso zinthu ziwiri zimene poyamba zinatikwiyitsa, koma n'zololedwa. Imelo ya aNambewe yatsala pa mndandanda wa anthu osayenera kutumiziridwa mauthenga a malonda, pakuti popanda mndandandawo sangadziwe woti asamulembere. Ndipo makope osungidwa padera poopa ngozi adzafufutika okha ikakwana nthawi yake, koma pakadali pano sakugwiritsidwa ntchito. Pa zimenezi funsani chinthu chimodzi chokha: adzafufutika liti? Ife tinalemberanso tokha nyumba ziwiri zija kalata yomweyo, osadalira mawu a kampani.

Pamene akhoza kukana, ndipo ali pa choonadi

Ndime 17 yomweyo ili ndi malire. Kampani yotumizira ndalama imene mwana wanu amagwiritsa ntchito pokutumizirani za feteleza siingafufute mbiri ya ndalamazo chifukwa choti iye wapempha. Malamulo a ku Britain oletsa kuzembetsa ndalama amaikakamiza kusunga chiphaso ndi mbiri ya kasitomala kwa zaka 5 ubale wawo ukatha. Bwana amene anakulembani ntchito amasunga za malipiro chifukwa cha msonkho. Nyuzipepala imatetezedwa ndi ufulu wofalitsa nkhani. Ndipo ngati pali mlandu pakati pa inu ndi kampani, ikhoza kusunga zimene ikufuna kukadzitetezera.

Kukana koona mumakuzindikira motere: amatchula lamulo limene likuwakakamiza, amanena zimene akusunga ndi nthawi yake, amafufuta zotsalazo, ndipo amakuuzani kuti muli ndi ufulu wokadandaula. Kukana kwabodza kumangoti ndi malamulo a kampani yathu. Malamulo a kampani sapambana lamulo la dziko.

Dzina likamaonekabe pa Google

Tsamba litafufutidwa, dzina ndi chithunzi cha aNambewe zinkatulukabe munthu akasaka. Google imasunga chithunzithunzi cha tsamba mpaka itadzaliyenderanso. Pa vuto ili pali chida chotchedwa Refresh Outdated Content: mumaikamo adiresi ya tsamba lofufutidwalo, iwo n'kuona kuti kulibedi, n'kuchotsa. Ichi chimagwira kwa aliyense, kulikonse.

Nkhani imavuta ngati mwini tsamba wakana kufufuta. Pamenepo anthu a ku Ulaya ndi ku Britain amapempha Google kuti tsambalo lisamatuluke munthu akasaka dzina lawo. Ufulu umenewu unachokera pa chigamulo cha khoti lalikulu la mgwirizano wa ku Ulaya cha pa 13 Meyi 2014, pa mlandu wa Mario Costeja González wa ku Spain, amene dzina lake linkatulutsa chidziwitso chakale cha m'nyuzipepala chonena za ngongole imene inatha kalekale. Koma mu 2019 khoti lomwelo linagamula kuti Google siikakamizidwa kuchotsa pa dziko lonse. Kwa ife tanthauzo lake ndi lowawa: chinthu chikhoza kubisika kwa wosaka ali ku Dublin, koma wosaka ali pa Ntcheu boma n'kumachionabe. N'chifukwa chake ndimati limbanani ndi mwini tsamba poyamba, Google pambuyo.

Za Facebook ndingonena mwachidule. Batani lake lili mu Accounts Centre, pa Account ownership and control, ndipo pali zosankha ziwiri. Sankhani Delete account. Amakupatsani masiku 30 oti musinthe maganizo, ndipo mukalowamo m'masiku amenewo n'kudina zoletsa, kufufutako kumaima. Mauthenga amene munatumizira anzanu amatsala kwa iwo. Zithunzi za maliro ndi maukwati a kumudzi zitsitseni kaye musanadine.

Akakhala chete

Mwezi ukatha popanda yankho, alembereni kamodzinso kuti mukupita kukadandaula, muwapatse sabata imodzi kapena ziwiri. Kenako dzazani fomu ya madandaulo pa tsamba la ofesi yoyenera. Ndi yaulere, ndipo mukhoza kudzaza muli kuno. Ikanimo kalata yanu yoyamba yoonetsa tsiku, mayankho awo onse ndi zithunzi za sikirini zija. ICO imafuna kuti mudandaule pasanathe miyezi itatu kuchokera pamene munalankhulana komaliza ndi kampaniyo. Kwa okhala m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya, ndime 77 imalola kudandaula ku ofesi ya dziko limene mukukhala, limene mukugwira ntchito, kapena kumene kulakwako kunachitikira, ndipo maofesiwo amatumizirana okha. Ngati muli ku Malawi ndipo kampani ili ku Ireland, lemberani ofesi ya ku Ireland. Musayembekeze yankho la msanga, pakuti maofesiwa amatenga miyezi, ndipo sagamula zoti mupatsidwe chipukuta misozi. Zimenezo ndi za kukhoti.

Chinthu chimodzi lamulo silinathe kutichitira. Anthu amene anakopera kale nambala ija pa tsambalo analibe dzina kapena adiresi yoti tiwalembere, ndipo mafoni a usiku anapitirira ngakhale mu Epulo, ngakhale anachepa. Tsiku la msika pa Lizulu ndinapita ndi mayi kukalembetsa simu yatsopano pa chiphaso chawo, tinasamutsa ndalama zimene zinali pa nambala yakale, ndipo madzulo ake ndinaimbira achibale mmodzimmodzi kuwapatsa nambala yatsopanoyo.